Chithunzi cha pepala chabwera choduka: mupemphe china kapena muyankhe ndi chomwecho?

Kuno ku Joni, ukangodziwika kuti umawerenga bwino Chingerezi, foni yako imasanduka ofesi. Wina atumiza kalata ya mwininyumba, wina peyisilipi, wina pepala la kuchipatala, ndipo pansi pake mawu amakhala amodzimodzi: "Achimwene, tandionereni apa, akuti chiyani?" Ine ndakhala ndikuwerengera anzathu mapepala otere kwa zaka ndithu, ambiri a kumpingo kwathu ku Rosettenville ndi abale awo, ndipo vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri si Chingerezi chovuta ayi. Ndi chithunzi choduka. Mbali ya kumanja palibe, kapena mzere wapansi watsala kunja, chifukwa munthu anajambula ali chiimire pa siteji ya takisi, dzanja lina litagwira chikwama.

Apa pamakhala njira ziwiri. Mutha kumuuza kuti ajambulenso, kapena kumuyankha ndi zomwe zikuonekazo, zosowazo n'kuziganizira. Zonse zili ndi mtengo wake. Kujambulanso kumaoneka kophweka kwa inu amene mwakhala pampando, koma mwina pepalalo lili ku Diepsloot pomwe mwini wake ali pa ntchito ku Sandton mpaka Loweruka, kapena bandulo yamuthera. Kuganizirako nakonso kutha kumutumiza munthu ku ofesi tsiku lolakwika. Ndikuonetsani momwe ndimasankhira, pogwiritsa ntchito mapepala awiri amene ndinalandira kuchokera kwa mlamu wanga mmodzi yemwe amagwira ntchito yoyeretsa m'maofesi.

Yambani mwatsimikiza kuti chadukadi

Musanayankhe chilichonse, dinani chithunzicho chitseguke chonse. WhatsApp imaonetsa chithunzi chachitali modula kumutu ndi kumiyendo mukamachiona pakati pa mameseji, ndipo kangapo ndauzapo munthu kuti ajambulenso pomwe pepala linali lathunthu. Mukachitsegula, yang'anani ngodya zinayi za pepala. Ngati zonse zikuoneka, palibe chaduka. Ngati ngodya ziwiri za mbali imodzi palibe, dziwani mbali yakeyo, ndipo onaninso pansi ngati palembedwa `Page 1 of 2`. Pepala litha kuoneka lathunthu koma lili ndi linzake limene simunalione.

Kenako mufunseni mwini wake chomwe akufuna kudziwa kwenikweni. Anthu ambiri amadumpha apa. Munthu akati "tandionereni" sakufuna kuti mumumasulire liwu lililonse, pali chinthu chimodzi chimene chikumusowetsa tulo. Ngati yankho la chinthucho lili pakati pa tsamba pomwe pakuoneka bwino, zoti m'mphepete mwaduka zilibe kanthu. Muyankheni, ndipo mungomuuza kuti mbali yakutiyakuti simunaione.

Pepala loyamba: peyisilipi

Alamuwo ananditumizira peyisilipi madzulo ena ali mu takisi. Anaijambula m'mawa pochoka kunyumba, ndipo pepala lenilenilo linatsala m'chikwama china. Funso lawo linali lakuti: "Alamu, ovataimu ija andipatsa? Ndikuona ngati ndalama zachepa." Mbali ya kumanja, komwe kumakhala ndalama, inali yoduka. Zooneka zinali izi:

```
Basic      195.00   32.00   6 24
Overtime     8.00   48.00     38
Gross                       6 62
UIF                            6
Advance                       50
Net pay                     6 05
```

Poona koyamba munthu atha kunena kuti UIF, ndalama yopita ku thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, adula R6, ngongole adula R50, ovataimu ndi R38. Zonsezi n'zolakwika. Chinthu choyamba kuchita ndi kupeza kuti paduka zilembo zingati. Pa peyisilipi manambala a ndalama amawandandalika mofanana kumanja, masenti pansi pa masenti, choncho m'mphepete mukaduka mowongoka, mzere uliwonse umataya zilembo zofanana kuchuluka. Mukadziwa za mzere umodzi, mwadziwa za yonse.

Mzere woyamba ndi umene unandithandiza, chifukwa maola ndi malipiro a pa ola zinali kuoneka. Maola 195 kuchulukitsa ndi R32 ndi R6 240.00. Pa chithunzi pakuoneka 6 24, ndiye kuti zotayika ndi zilembo zinayi zomalizira: nambala imodzi, kadontho, ndi manambala awiri a masenti. Tsopano mizere inayo yayamba kuwerengeka. Ovataimu ya maola 8 pa R48 ndi R384.00, ndipo zikugwirizana ndi 38 amene akuoneka. R48 imeneyi ndi R32 kuwonjezera theka lake, monga momwe lamulo la ntchito la dziko lino limanenera pa ovataimu ya masiku wamba. Kuphatikiza ziwirizi tikupeza R6 624.00, ndipo pa pepala pali 6 62. UIF wantchito amadulidwa 1 peresenti, ndiye ndi R66.24, yomwe ikataya zilembo zinayi imatsaladi 6.

Onani kuti mpaka apa sindinalote chilichonse. Nambala iliyonse ndaipeza ndi masamu, kenako ndaiyerekeza ndi chidutswa chimene chikuoneka, ndipo zagwirizana kanayi konse. Kuganizira kwa mtundu uwu ndimakukhulupirira, chifukwa pepala lomwelo ndi limene likundichitira umboni.

Mzere wa ngongole ndi wosiyana, chifukwa palibe lamulo kapena masamu amene anganene kuti munthu anatapa zingati. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndi ndalama ya pakati pa R500.00 ndi R509.99. Komabe mzere womaliza ukuthandiza pang'ono: R6 624.00 kuchotsa R66.24 kutsala R6 557.76, ndipo kuti zotsala ziyambe ndi 6 05, ngongoleyo siingapitirire R507.76. Apa ndinasiya masamu n'kufunsa munthu. "Alamu, munatapako ndalama kwa abwana mwezi uno?" Anati eya, R500 ya maliro. Ndinawapempha aone meseji ya kubanki ya tsiku la malipiro, ndipo inali R6 057.76. Mpaka senti.

Chithunzi chachiwiri sichinafunike. Ndinawauza kuti ovataimu ilimo, R384, ndipo chomwe chachepetsa ndalama ndi ngongole ija. Chikhala kuti masamu anga anasiyana ndi meseji ya kubanki, ngakhale ndi R20 yokha, ndikanapempha chithunzi china nthawi yomweyo, chifukwa kusiyanako kukanatanthauza kuti pali mzere wina umene sindikuuona, mwina pansi pa pomwe chithunzi chathera. Chizindikiro china choti musiye kuwerengera ndi chithunzi chojambulidwa mopendekeka. Chikaduka mopendekeka, mzere wapamwamba utha kutaya zilembo ziwiri, wapansi zisanu, ndipo njira yowerenga zilembo zotayika ija siigwiranso ntchito.

Pepala lachiwiri: tsiku la mlandu

Patapita miyezi, alamu omwewo anachotsedwa ntchito pa kampani ija, ndipo anakadandaula ku CCMA, bungwe limene limamva milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana awo. Anachita changu, chifukwa dandaulo lochotsedwa ntchito mopanda chilungamo limayenera kukafika kumeneko pasanathe masiku 30. Kalata yowaitana itabwera, ananditumizira chithunzi, ndipo mwatsoka chinadukanso kumanja komweko. Nambala ya mlandu inali kuoneka, yoyamba ndi `GAJB`, kusonyeza kuti ndi wa ofesi ya Johannesburg. Mtundu wa msonkhano unalembedwa `Con/Arb`. Koma pa tsiku panangooneka `2025-06-1`, nambala yomaliza palibe.

Nambala imodzi yokha. Pa peyisilipi panasowa zilembo 24 ndipo ndinayankha popanda kupempha china, koma apa ndinakana. Kuchuluka kwa zoduka sikumene kumagamula nkhani.

Ndinayesa kuchepetsa ndithu, kuti muone pomwe nzeru zimathera. Tsikulo lili pakati pa 10 ndi 19 Juni. Mu 2025, pa 14 ndi pa 15 Juni linali Loweruka ndi Lamlungu, ndipo pa 16 ndi tchuthi cha achinyamata m'dziko lino. Kwatsala masiku asanu ndi awiri: 10, 11, 12, 13, 17, 18 ndi 19. Pa pepala lonse panalibe china chilichonse chondiuza kuti mwa asanu ndi awiriwa ndi liti. Tsiku la mlandu silichokera m'masamu. Analisankha ndi munthu mu ofesi, ndipo amene akulidziwa ndi pepalalo ndi ofesiyo basi.

Ndiye ganizirani zotsatira za kulakwitsa. Pa `Con/Arb` amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zikakanika mlandu utha kumvedwa tsiku lomwelo. Wodandaula akapanda kubwera, komishonala, amene amamva mlandu kumeneko, ali ndi mphamvu yothetsa mlanduwo. Njira yopempha kuti autsegulenso ilipo, pasanathe masiku 14 chidziwireni za chigamulocho, koma imafuna mafomu, kulumbira ndi chifukwa chomveka, ndipo palibe chitsimikizo choti avomera. Munthu amene ntchito yamuthera, lendi ikumudikira, kumudzi akudikira ya feteleza, simungamuike pa ngozi yotere chifukwa choti mwachita manyazi kumuvutitsa ndi chithunzi chimodzi.

Mafunso amene ndimadzifunsa ndi awiri omwe aoneka m'mapepala awiriwa. Kodi chodukacho ndingachipeze kuchokera pa zomwe zatsala, n'kuchitsimikiza ndi umboni wina? Nanga ndikalakwitsa, munthuyu ataya chiyani, ndipo zitheka kukonza? Ngati chikupezeka ndi masamu ndipo kulakwitsa kungangochititsa kuti afunsenso mawa, yankhani. Ngati ndi chinthu chimene wina anangochisankha, monga tsiku, ola, nambala ya akaunti, nambala ya chipinda kapena mlingo wa mankhwala, pemphani china, ngakhale chosowacho chikhale kanambala kamodzi. Pa mankhwala ndiye sindikambirana n'komwe. Chizindikiro cha pa botolo chikaduka kumanzere, 5 amene mukumuonayo atha kukhala 5, 2.5 kapena 25, ndipo amene ayenera kunena ndi a kufamase kapena anesi.

Mawu ndi oopsa kuposa manambala

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ine ndinagwa. Nambala ikaduka, diso limaona kuti yaduka. Chiganizo chikaduka, mutu umachimalizitsa wokha osakuuzani. Mayi wina wa kumpingo ananditumizira pangano la nyumba imene ankafuna kuchita lendi, loduka kumanja pang'ono chabe, mwina chala chimodzi m'lifupi. Mzere wina unathera pa `the deposit is` ndipo wotsatira unayamba ndi `refundable`. Ndinawerenga mosakaika n'kuwauza kuti dipoziti adzabwezeredwa. Pa pepala lenileni, pakati pa mawu awiriwo panali `not`. Zilembo zitatu, kumapeto kwenikweni kwa mzere. Zoti mwininyumba ali ndi ufulu wolemba zotero kapena ayi ndi nkhani ina, koma mayiwo anasaina akukhulupirira mawu anga, ndipo chikhala kuti ndinawauza zoona akanafunsa asanapereke ndalama.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti chiganizo chomveka bwino si umboni woti ndi chathunthu. Timawu timene timatembenuza tanthauzo m'Chingerezi ndi tatifupi: `not`, `no`, `unless`, `except`. Timakwana m'kachidutswa kamene kamera yasiya kunja. Tsopano ndikalandira pangano kapena kalata ya lamulo yoduka m'mbali, ndimafufuza mzere umene liwu lake lomaliza laduka pakati, lomwe ndingalizindikire. Ngati `agreement` waoneka ngati `agree`, ndiye kuti pataika zilembo zosachepera zinayi, ndipo `not` atha kubisala pa mzere wina uliwonse. Zikatero ndimafotokoza mutu wa nkhani yokha, kuti ili ndi pangano la lendi la miyezi yakuti, koma za dipoziti, za notisi ndi za zilango ndimadikira chithunzi chathunthu.

Kuduka kwa pansi kapena pamwamba n'kosavuta kukuweruza, chifukwa mizere imene ilipoyo ndi yathunthu. Ingokumbukirani kuti pansi pa kalata ndi pomwe amakonda kuika tsiku lomaliza kuyankha, siginecha ndi chidindo, ndipo pamwamba ndi pomwe pali dzina la woilandira. Kalata yopanda kumutu mutha kuimasulira bwinobwino kenako n'kupeza kuti inali ya munthu amene ankakhala m'chipindamo kale.

Mmene mungapemphere kuti chachiwiri chisabwerenso choduka

"Jambulaninso, sichikuoneka" ndi pempho lopanda thandizo. Munthu amajambula momwe anajambulira poyamba, mwina n'kuyandikitsa foni kwambiri poganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa zilembo, ndiye chimaduka koposa. Muuzeni chomwe chikusowa ndi chifukwa chake. Kwa alamu aja ndinalemba kuti: "Alamu, zonse ndaona, koma tsiku la mlandu laduka nambala yomaliza. Sindikufuna kukuuzani tsiku lolakwika. Mukafika kunyumba, ikani pepalalo pansi pa chinthu chakuda, kwezani foni m'mwamba mpaka ngodya zonse zinayi zioneke, ndipo mujambulenso kumbuyo kwake ngati kwalembedwa."

Za chinthu chakudazo zili ndi chifukwa. Pepala loyera pa bedi la nsalu yoyera silioneka pomwe lathera, kwa wojambula ngakhalenso kwa inu. Pa chitenje chakuda kapena pa simenti malire ake amaoneka. Foni ikhale mopingasa bwino pamwamba pa pepala ngati chivundikiro pa poto, osati mopendeka. Kuwala kwa pakhomo kapena pa windo masana kumaposa fulashi, yomwe imasiya chigamba choyera pakati pa pepala lonyezimira. Potumiza, asankhe `HD`, kapena atumize kudzera pa `Document`, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi wamba ndipo tizilembo tating'ono timasungunuka. Njira ya `Document` imadya bandulo yochulukirapo, choncho ndimaipempha pa mapepala a zilembo zing'onozing'ono okha.

Nthawi zina chithunzi chonse sichifunika. Ngati chosowa ndi ngodya imodzi, ajambule ngodyayo, koma aphatikizemo mawu angapo amene muli nawo kale kuti mudziwe polumikiza. Ngati ndi nambala imodzi, ailembe pa meseji akuyang'ana pepala. Osati pa voisi. Ife manambala timatchula m'Chingerezi, ndipo pa foni ya phokoso la mu takisi, fifitini ndi fifite zimamveka chimodzimodzi. Funsaninso komwe pepalalo linachokera: ngati linabwera pa imelo kapena ngati PDF, ndiye kuti munthuyo wajambula sikirini ya foni ina kapena pepala losindikiza, ndipo kukutumizirani loyambiriralo n'kosavuta kuposa kujambula.

Nanga pepala likakhala kutali ndithu? Pitani kwa amene analilemba. Alamu aja tsikulo anali ku Germiston kofunafuna ganyu, ndipo pa 10 Juni panali patatsala masiku ochepa. Sitinadikire kuti abwerere. Popeza nambala ya mlandu inali kuoneka yonse pa chithunzi, ndinawauza aimbe ku CCMA, atchule nambalayo, afunse tsiku, ola ndi malo. Anawauza kuti ndi pa 12. Madzulo atafika kunyumba anajambula pepala, ndipo linati 12.

Mukasankha kuganizira, lankhulani moti zidziwike

Pali nthawi zina pomwe chithunzi china sichingabwere, ofesi yatseka, koma munthu akufunika chochita lero. Apo mutha kupereka maganizo anu, koma muwalekanitse ndi zomwe mwawerenga. Ine ndimagawa yankho patatu m'meseji imodzi: zomwe ndaona ndi maso, zomwe ndawerengera ndi momwe ndawerengera, ndi zomwe sindikuziona. Pa peyisilipi ija ndinalemba kuti: "Maola 8 a ovataimu pa R48 akuoneka bwino. Ndalama yake yaduka, koma masamu akupereka R384 ndipo manambala awiri oyamba akugwirizana. Ngongole ndikuona 50 yekha, ndikuganiza kuti ndi R500, tsimikizani ndi meseji ya kubanki."

Musabise mawu akuti "ndikuganiza" kumapeto kwa meseji yaitali. Munthu wotopa amawerenga nambala, mawu ochenjeza n'kuwadumpha, kenako amauza mkazi wake kapena abwana kuti "achimwene aja anena kuti ndi zakuti". Ikani chenjezo pafupi ndi nambala yomwe, m'chiganizo chimodzi. Mukamakopera zolembedwa pa pepala, pamalo poduka ikani timizere kapena mafunso, monga `2025-06-1?`, osadzazapo nambala yanu, chifukwa meseji yanu itha kutumizidwa kwa munthu wachitatu amene sanaone chithunzi.

Ndipo ngati muyenera kusankha pakati pa mayankho angapo, sankhani limene kulakwa kwake n'kotsika mtengo, osati limene mukuliona ngati lothekera kwambiri. Chikhala kuti foni ya ku CCMA sinayankhidwe ndipo pepala silinapezeke, ndikanawauza alamu apite ku ofesi m'mawa wa pa 10, kapena tsiku la ntchito lisanafike limenelo, ndi nambala ya mlandu m'manja. Akanataya ya takisi yopita mutauni ndi kubwerera, koma akanabwerako akudziwa tsiku. Chimodzimodzi ndi tsiku lomaliza kulipira kapena kuyankha kalata: likaduka, muuzeni munthu achite ngati ndi loyambirira mwa masiku othekawo, kufikira ataona pepala.

Chomaliza ndi cha zithunzi zomwezo. Mapepala amenewa amakhala ndi nambala ya pasipoti, ya akaunti ndi adiresi ya munthu. Mukafuna kufunsa wina kuti akuthandizeni kuwerenga mzere woduka, dulani chithunzicho patsale mzere wokhawo, musachiponye chonse pa gulu la mpingo kapena la anthu a kumudzi. Nkhani ikatha, muuzeni mwini wake kuti mukufufuta, ndipo mufufute zonse ziwiri, choduka chija ndi chathunthu chomwe.